Mutu wa imelo umene bwana wotanganidwa angautsegule n'kuchitapo kanthu: mafunso ndi mayankho

Ndagwira ntchito ya ukalaliki pa ofesi ya esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje kwa zaka zingapo, ndipo gawo lina la ntchito yanga linali kuthandiza manijala kusanthula maimelo ake m'mawa uliwonse. Ndinkaona amene akutsegulidwa msanga, amene akusiyidwa kuti "tiwaona masana", ndi amene sankatsegulidwa n'komwe. Mafunso ali m'munsimu ndi amene akalaliki anzanga, akapitawo ndi alembi a magulu a alimi akhala akundifunsa. Pafupifupi mayankho onse ndawamanga pa nkhani imodzi ya thirakitala, chifukwa zonse zofunika zili momwemo.

Kodi mutu wa imelo ndi chiyani, ndipo bwana amauona bwanji?

Ndi kamzere kamene mumalemba m'bokosi lolembedwa `Subject`, pansi pa malo a adiresi ya amene mukumulembera. Bwana akatsegula Gmail kapena Outlook pafoni, saona kalata yanu yonse ayi. Amaona mndandanda wa makalata, ndipo pa kalata iliyonse pali zinthu zitatu zokha: dzina la wotumiza, mutu, ndi timawu tochepa toyambirira ta kalatayo. Pa zitatuzi ndi pamene amasankhira kuti atsegule tsopano kapena ayi.

Kumbukiraninso kumene manijala wa esiteti amakhala nthawi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Epulo, tiyi akamaphuka kwambiri. Sakhala pa desiki. Ali m'munda, ali ku fakitale, ali m'galimoto pamsewu wamatope, ndipo foni amaiyang'ana ataimirira, mwina kwa theka la mphindi. Foni zambiri zimaonetsa zilembo pakati pa 30 ndi 40 za mutu, zotsalazo n'kuzidula. Pakompyuta pamaoneka zochulukirapo, koma inu lembani ngati kuti awerengera pafoni.

Ndiye m'mutumo muzikhala chiyani?

Zinthu zitatu: chimene mukufuna kuti bwanayo achite, nthawi imene chikufunika, ndi chinthu chimene nkhaniyo ikukhudza. Ngati pali ndalama, chiwerengero chake chikhalemo.

Anthu ambiri amalemba chachitatu chokha. Amalemba kuti "Thirakitala" kapena "Nkhani ya feteleza". Mutu wotere uli ngati munthu amene wagogoda pakhomo n'kungonena kuti "ndabwera ndi nkhani ya mbuzi", osanena ngati mbuziyo yabedwa, yaswa kapena akuigulitsa. Bwana sadziwa ngati mukumuuza zoti angodziwa, mukumufunsa funso, kapena mukudikira siginecha yake kuti ntchito ipitirire. Popeza sakudziwa, amaganiza kuti ikhoza kudikira.

Tapatseni chitsanzo chenicheni.

Linali Lolemba madzulo m'mwezi wa Januwale. Thirakitala imene inkanyamula masamba kuchokera ku divishoni ina kupita ku fakitale inafa pampu ya mafuta. Makaniko anaiona, naimbira sitolo ya masipeyala ku Limbe, ndipo tinene kuti mtengo unali K480,000. Ndalama yotere kalaliki sangailamule yekha, pankafunika chilolezo cha manijala. Galimoto ya kampani inkanyamuka kupita ku Limbe Lachiwiri nthawi ya 11 koloko m'mawa, ndipo a ku akaunti ankafuna ola limodzi kuti akonze mapepala. Choncho chilolezo chinayenera kufika 10 koloko isanakwane. Kupanda apo pampuyo ikanadikira ulendo wina, ndipo masamba a tiyi sadikira munthu. Akathyoledwa amayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo. Akaunjikana m'matumba amatentha, amafiira, ndipo tiyi wake amatsika mtengo.

Kalaliki wa ku divishoniko, mnyamata waulemu kwambiri, analemba mutu uwu:

```
Pempho lochokera ku ofesi ya divishoni lokhudza thirakitala yomwe yawonongeka
```

Palibe bodza m'menemo, ndipo ulemu ulimo. Koma pafoni ya manijala panaoneka zilembo pafupifupi 35 zoyambirira, zomwe ndi izi: `Pempho lochokera ku ofesi ya divish`. Mawu oti thirakitala sanaoneke n'komwe. Zoti kalatayo yachokera ku divishoni manijala ankazidziwa kale poona dzina la wotumiza, ndiye kuti malo onse ooneka anathera pa chinthu chodziwika kale. Imeloyo inatsegulidwa cha m'ma 2 koloko masana, galimoto itadutsa kale msewu wa Midima n'kufika ku Limbe.

Mutu umene ukanagwira ntchito ndi uwu:

```
Chilolezo pofika 10:00 Lachiwiri: thirakitala, K480,000
```

Werengani zilembo. Mawu oti `Chilolezo pofika 10:00 Lachiwiri:` ali ndi zilembo 33 kuphatikiza mipata, choncho ngakhale foni idule zotsalazo, manijala wadziwa kale ziwiri zikuluzikulu: akufunika kuvomereza chinachake, ndipo nthawi yake ndi yochepa. Akatembenuza foni kapena akatsegula, apeza kuti ndi thirakitala ndiponso mtengo wake. Munthu amene akuidziwa bwino esiteti yake akhoza kuyankha kuti "Pitirizani" ataima m'munda momwemo.

Bwanji nthawi yatsogola, thirakitala n'kubwera pambuyo?

Chifukwa pa nkhani imeneyi nthawi ndi imene ikanaluza zonse. Si lamulo kuti nthawi izitsogola nthawi zonse. Dzifunseni kuti: foni itadula mutuwu pakati, ndi mawu ati amene sindingalole kuti atayike? Amenewo ndiwo ayambe.

Chikhala kuti chilolezocho chinkafunika patatha sabata ziwiri, ndikanayamba ndi chinthucho: `Thirakitala: chilolezo cha K480,000 pofika 28 Jan`. Apa bwana sakufunika kudzidzimuka, akungofunika kudziwa nkhani yake ndi kuiika pa mndandanda wa zochita zake. Mukamatsogoza nthawi pa kalata iliyonse, ngakhale yosafulumira, bwanayo amazolowera ndipo amasiya kuiwerenga ngati chenjezo.

Kodi si mwano kulembera bwana chonchi, popanda moni?

Funso limeneli ndimafunsidwa kuposa ena onse, ndipo ndimalimvetsa. Kwathu kuno sufika pakhomo la munthu wamkulu n'kuyamba nkhani usanapereke moni. Ndiye anthu amalemba m'mutu kuti "Moni bwana", "Mwadzuka bwanji bwana" kapena "Pepani kukuvutitsani".

Koma mutu wa imelo si pakhomo pochezera. Uli ngati mawu olembedwa kunja kwa fayilo kapena pa thumba la feteleza: amangonena zimene zili m'kati. Palibe amene amakwiya kuti fayilo sinamupatse moni. Moni ndi ulemu wonse malo ake ndi m'kalatamo, ndipo m'menemo musaumire.

Pali ulemu wina umene mutu ungasunge, ndipo apa Chichewa chimatithandiza. Kulemba kuti "Vomerezani" kapena "Sayinani" kumamveka ngati mukulamula wamkulu wanu. Gwiritsani ntchito dzina la chinthucho m'malo mwa lamulo: "Chilolezo", "Siginecha", "Chigamulo", "Funso". Mawu amenewa akunena chimene chikufunika popanda kuloza munthu chala. Mwa mabwana onse amene ndinagwira nawo ntchito, sindinamvepo wina akudandaula kuti mutu walunjika kwambiri. Madandaulo amene ndinkamva anali akuti, "Bwanji simunanene kuti ndi zachangu?"

Chenjezo laling'ono pa moni wa m'kalata: popeza foni imaonetsa timawu toyambirira pansi pa mutu, moni wautali umadya malowo. "Bwana, moni. Thirakitala ya ku divishoni yafa pampu" ndi ulemu wokwanira, ndipo mawu oti thirakitala aoneka asanatsegule n'komwe.

Nanga kungolemba kuti URGENT?

Mawu amenewa anatha mchere. Pa tsiku limodzi la nyengo ya masamba ndinkatha kuwaona pa makalata angapo: wina akufuna tchuthi, wina akufuna inki ya pulinta, wina madzi akokolola mlatho. Onse `URGENT`. Bwana sangasiyanitse, ndiye amawaona onse mofanana.

Vuto lake ndi lakuti mawuwa akunena mmene inu mukumvera, osati chimene chichitike. "Pofika 10:00 Lachiwiri" ndi chinthu chimene bwana angachiyerekeze ndi wotchi yake n'kudziweruzira yekha. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha ndi zizindikiro zofuula zitatu kapena zinayi zili ndi vuto linanso: zimafanana ndi makalata a akathyali onena kuti mwawina mphoto, ndipo zikhoza kuthandizira kuti kalata yanu igwere mu `Spam`, makamaka ngati mukulembera munthu koyamba kuchokera pa adiresi yanuyanu ya Gmail.

Mu Outlook muli batani la `High Importance` limene limaika kachizindikiro kofiira pa kalata. Musalidalire. Amene akuwerengera pa Gmail nthawi zambiri sakaona, ndipo amene amakaona anakazolowera ngati mmene anazolowerera `URGENT`.

Ndilembe "lero" ndi "mawa", kapena deti?

Lembani tsiku ndi dzina lake. Kalaliki uja analemba Lolemba usiku. Akanalemba kuti "mawa", ndipo manijala n'kuwerenga Lachiwiri m'mawa, akanaganiza kuti ali ndi tsiku lathunthu. Kuno netiweki imavuta m'madivishoni ena a m'mphepete mwa phiri, magetsi amathima, bandulo imatha, moti kalata ikhoza kukhala mu `Outbox` usiku wonse n'kunyamuka m'mawa. "Lero" wanu sakhala "lero" wa bwana nthawi zonse.

Ngati tsikulo lili m'sabata yomweyo, dzina la tsiku ndi lokwanira: Lachiwiri, Lachisanu. Likapitirira sabata, onjezani deti ndipo mwezi muulembe m'mawu. Pewani kulemba `03/04`. Kwa ife ndi 3 Epulo, koma munthu wozolowera kalembedwe ka ku Amereka awerenga kuti 4 Malichi, ndipo amene mumagwira ntchito ndi mabungwe akunja mukumana nazo zimenezi.

Nthawi imene mukulembayo ikhale yoona. Musalembe 10 koloko pamene mukudziwa kuti ngakhale Lachinayi zitheka. Bwana akasiya msonkhano kuti akuyankheni, kenako n'kuzindikira kuti panalibe changu, ulendo wina nthawi yanu saikhulupirira. Ndi bwinonso kunena m'kalatamo chifukwa chake: galimoto ikunyamuka 11 koloko, a ku akaunti akufuna ola limodzi.

Ndili ndi nkhani zitatu. Ndiziike mu imelo imodzi?

Ayi, ngati iliyonse ikufuna yankho lake. Mapanga awiri avumbwitsa. Mukaika thirakitala, malipiro a aganyu ndi pempho la majombo m'kalata imodzi, mutu wake ukhala "Nkhani zosiyanasiyana", umene sunena kanthu. Choipa kwambiri ndi chakuti bwana ayankha yosavutayo, mwina ya majombo, ndipo m'maganizo mwake kalatayo wathana nayo. Inu mutsala mukudikira yankho la thirakitala limene silibwera.

Palinso chifukwa china. Manijala nthawi zambiri sachita yekha, amatumiza kalatayo kwa woyenera: ya ndalama ku akaunti, ya majombo ku sitolo. Kalata ya nkhani imodzi amangodina `Forward` n'kulemba mawu awiri. Ya nkhani zitatu imamupatsa ntchito yoidula, ndipo amaisiya kaye.

Njira yodziyesera ndi iyi: ngati mukulephera kulemba mutu umodzi womveka, ndiye kuti kalatayo ili ndi nkhani zoposa imodzi, kapena inuyo simunatsimikize chimene mukufuna. N'chifukwa chake ine mutu ndimaulemba pomalizira, kalata itatha.

Bwanji kalata imene sikufuna yankho, monga lipoti la masamba la tsiku ndi tsiku?

Nenani zomwezo m'mutu, kuti bwana asataye nthawi kufufuza pempho limene mulibe. Chizungu chili ndi `FYI`, ndipo pa Chichewa mungayambe ndi "Zongodziwitsa". Ikaninso chotsatira chenicheni m'mutumo:

```
Lipoti la masamba 13 Jan: makilogalamu 8,200, palibe vuto
```

Bwana wamva zonse osatsegula. Mwina muganiza kuti mwaluza chifukwa sanatsegule, koma mwapindula. Waphunzira kuti mitu yanu imanena zoona, ndipo tsiku limene adzaone "Chilolezo" kuchokera kwa inu adzadziwa kuti lero ndi zina.

Malipoti obwerezabwereza azikhala ndi kalembedwe kamodzi tsiku lililonse, muzingosintha deti ndi manambala. Koma tsiku limene pali vuto, vutolo libwere kutsogolo: `Masamba atsika ndi theka 14 Jan: thirakitala yafa`. Mukalibisa m'kati mwa lipoti la mutu wa masiku onse, palibe amene alione msanga, chifukwa malipoti otere ambiri amawawerenga kumapeto kwa sabata.

Ndimangotsegula imelo yakale ya bwana n'kudina Reply kuti ndisavutike kulemba adiresi. Pali cholakwika?

Chilipo, ndipo ndi chimene chinkasokoneza kwambiri mu ofesi yathu. Mukadina `Reply`, mutu wakale umatsala, kutsogolo kwake n'kuwonjezeka `Re:`. Ndiye pempho lanu latsopano la pampu limafika litavala mutu woti `Re: Ndandanda ya tchuthi cha Khirisimasi`. Bwana akuona nkhani imene inatha kalekale, ndipo akuganiza kuti mukungothokoza.

Gmail imaunjikanso makalata a mutu umodzi pamalo amodzi, ngati mtolo. Kalata yanu yatsopano imalowa pansi pa mtolo wakalewo, ndipo pakatha miyezi itatu, a ku akaunti akamafuna umboni woti pampuyo inavomerezedwa, palibe amene aganize zoyang'ana mu nkhani ya tchuthi.

Nkhani yatsopano, kalata yatsopano: dinani `Compose` pa Gmail kapena `New Email` pa Outlook. Mukangolemba zilembo zoyamba za dzina la bwana, adiresi imabwera yokha.

Nthawi zina nkhani imasintha ili m'njira. Munayamba kukambirana za kukonza thirakitala, tsopano zafika pobwereka lole ya munthu wina kwa masiku atatu. Apa ndi poyenera kusintha mutu. Pa Gmail ya pakompyuta, mukadina `Reply`, pali kamuvi pafupi ndi dzina la wolandira, ndipo m'menemo muli `Edit subject`. Dziwani kuti mukatero Gmail iyamba mtolo watsopano, zomwe ndi zimene mukufuna. Koma ngati nkhani ndi yomweyo, musasinthe mutu pa yankho lililonse, mungamwaze zokambiranazo m'malo asanu.

Chimodzimodzi ndi `Fwd:`. Mukamatumiza kwa bwana kotesheni yochokera ku sitolo ya ku Limbe, mutu wa asitolowo unalembedwera inu, osati bwana wanu. Ufufuteni, mulembe wanu wonena chimene bwana achite nayo kotesheniyo.

Chichewa kapena Chizungu?

Tsatirani chilankhulo chimene ofesi yanu imalembera. M'maesiteti ambiri, m'mabanki ndi m'maofesi a boma makalata amalembedwa m'Chizungu, ndipo palibe chifukwa cholimbana nazo. Kamangidwe kake n'komweko:

```
Approval by 10:00 Tue: tractor pump, K480,000
```

Chizungu chili ndi mwayi woti mawu ake ndi aafupi, moti pafupifupi zonse zikukwana pafoni. Chichewa chimatalika, ndiye mukamalemba m'Chichewa chotsani timawu tolumikiza monga "lokhudzana ndi", "ponena za" ndi "chifukwa cha", m'malo mwake muike kachizindikiro ka madontho awiri.

Chimene muyenera kusamala ndi kalembedwe ka mawu ofunika. Bwana kapena mlembi wake akamafuna kalata yakale pa Gmail amalemba m'bokosi lofufuzira motere:

```
subject:thirakitala
```

Ngati mwezi uno munalemba "thirakitala", mwezi watha "thalakita", ndipo mnzanu analemba m'Chizungu, kufufuzako kupeza gawo limodzi lokha. Gwirizanani mawu amodzi. Pamene pali nambala, monga ya invoisi, ya oda kapena ya galimoto, iikeni m'mutu chakumapeto. Nambala silembedwa m'njira ziwiri.

Ine sindigwira ntchito pa esiteti. Ndine mlembi wa gulu la alimi ang'onoang'ono a tiyi ku Thyolo, ndipo bwana amene ndikumulembera sandidziwa.

Kwa inu mutu uli ndi ntchito ina yowonjezera. Kalaliki wa pa esiteti safunika kudzitchula chifukwa dzina lake likudziwika. Inu dzina lanu silinena kanthu kwa wolandirayo, makamaka ngati adiresi yanu ili ndi dzina lachibwana limene munatsegulira muli kusukulu. Choncho m'mutu muzikhala mawu amene amukumbutse kuti ndinu ndani kwa iye: dzina la gulu kapena la dera, ndi chinthu chimene chikukulumikizani.

Tinene kuti alimi 42 a m'gulu lanu sanalandire malipiro a masamba a Disembala. Mutu woti "Dandaulo" kapena "Tithandizeni" umachititsa munthu kuzengereza, chifukwa akudziwa kuti m'katimo muli mkangano koma sakudziwa kukula kwake. Lembani chimene chachitika ndi manambala ake:

```
Malipiro a Disembala sanafike: alimi 42, gulu la ku Makwasa
```

Uwu bwana akhoza kuutumiza ku akaunti nthawi yomweyo, ndipo a ku akaunti adziwa mwezi ndi gulu loti ayang'ane. Mkwiyo musauike m'mutu, ngakhale muli ndi chifukwa chokwiyira. Mutu umayenda ndi kalatayo kulikonse kumene yatumizidwa, ndipo munthu safuna kutumiza kwa anzake kalata imene pamwamba pake pali mawu omunyoza.

Kwa munthu amene si bwana wanu, kumuikira nthawi kumafuna kusamala. M'malo molemba ngati mukumulamula, tchulani chochitika chimene chikukukakamizani, monga "tisanakumane ndi alimi Loweruka".

Pali zimene siziyenera kulembedwa m'mutu?

Zilipo. Mutu ukhoza kuoneka pafoni ngakhale ili yokhoma, ili patebulo pa msonkhano kapena m'manja mwa dalaivala. Umaonekanso kwa mlembi amene amasanthula makalata, ngati mmene ndinkachitira ine. Choncho dzina la wantchito pamodzi ndi matenda ake, mlandu wake kapena malipiro ake zisakhale m'mutu. Lembani kuti `Chigamulo pofika Lachisanu: nkhani ya wantchito mmodzi`, dzina likhale m'kati. Nambala ya akaunti ya kubanki ndi mawu achinsinsi olowera pakompyuta, zimenezo ndiye ayi ndithu.

Komanso musasiye bokosilo lopanda kanthu. Gmail imaonetsa `(no subject)`, ndipo kalata yotere, makamaka ikakhala ndi fayilo yomata, anthu osamala amaopa kuitsegula.

Ndalembera anthu anayi nthawi imodzi. Ndani achitepo kanthu?

Mukapanda kunena, palibe. Aliyense aganiza kuti mnzake ayankha. Amene mukufuna kuti achite akhale yekha mu `To`, ena onse mu `Cc`. Ngati mu `To` muli anthu awiri, tchulani udindo wa woyenerayo m'mutu: `Kwa a Akaunti: ...`. Koma dziwani kuti zilembo zimenezo zadya malo, ndiye muzichita pokhapokha pakufunikadi.

Ndadina Send kenako ndaona kuti mutu walakwika.

Pa Gmail, kalata ikangonyamuka pamatuluka mawu oti `Undo` kwa masekondi ochepa. Mwachizolowezi ndi masekondi 5, koma pakompyuta mungawonjezere mpaka 30 mu `Settings`, ndipo ndimalangiza aliyense kuti atero. Nthawiyo ikadutsa, kalata yapita. Ngati cholakwikacho ndi chachikulu, monga mwalemba K48,000 m'malo mwa K480,000, tumizani ina yoyamba ndi mawu oti "Kukonza" ndi nambala yolondola. Ngati ndi chilembo chimodzi chabe chimene sichisintha tanthauzo, chisiyeni.

Mutu ndinalemba bwino koma bwana sanayankhe. Nditani?

Choyamba onani ngati kalatayo inanyamukadi. Ikhale mu `Sent`, osati mu `Outbox` kapena `Drafts`. Kenako onani adiresi.

Ngati zonse zili bwino, dziwani malire a imelo. Mutu wabwino umathandiza munthu amene wayang'ana foni yake. Sungachite kanthu kwa manijala amene ali kuseri kwa phiri kopanda netiweki, kapena amene ali mu msonkhano foni atazimitsa. Lamulo langa linali lakuti chinthu chofunika pasanathe maola awiri kapena atatu sichidalira imelo yokha. Tumizani imelo kuti pakhale umboni wolembedwa, popeza a ku akaunti satulutsa ndalama pa mawu apakamwa, kenako imbani foni kapena tumizani uthenga wa WhatsApp. Apa mutu womveka umakuthandizaninso, chifukwa mumangonena kuti, "Bwana, ndatumiza imelo ya chilolezo cha thirakitala, ikufunika 10 koloko isanakwane," ndipo iwo aipeza osavutika.

Ngati nkhaniyo si yachangu chotero, dikirani tsiku limodzi kapena awiri, ndipo mukumbutse podina `Reply` pa kalata yanu yomweyo kuti zonse zikhale pamodzi. Apa `Re:` ali pamalo pake, chifukwa nkhani ndi yomweyo. Musalembe kalata yatsopano ya mutu woti "Chikumbutso" chokha, chifukwa bwana ayamba kufufuza kuti mukumukumbutsa chiyani.

Nthawi yotumizira nayonso ili ndi gawo lake. Kalata yotumizidwa 9 koloko usiku imakhala itakwiririka ndi ena pofika m'mawa. Gmail ili ndi `Schedule send`, imene imakulolani kulemba usiku n'kuiuza kuti inyamuke m'mawa. Manijala amene ndinkamuthandiza ankayang'ana foni cha m'ma 6 koloko asanapite kumunda, kenako sankaigwiranso mpaka nthawi ya tiyi. Wanu ali ndi nthawi yakeyake, ndipo amene angakuuzeni bwino ndi mlembi wake kapena dalaivala.